Chidindo cha Amfumu Chisanatuluke M'thumba

Pa misonkhano ya chitukuko pali mawu amodzi amene ndimawaopa, ndipo mawuwo ndi akuti "tamva". Wa ku bungwe amaimirira pansi pa mtengo wa mango n'kuwerenga pepala lake mpaka kumapeto. Anthu amawomba m'manja, a gulupu n'kunena kuti, "Tamva, ndipo tathokoza." Chidindo chimatuluka m'thumba. Galimoto ikamabwerera ku boma, lipoti limakhala litalembedwa kale m'mutu: mafumu avomereza. Koma kumva ndi kwina, kuvomera ndi kwinanso, ndipo kusiyana kwake kumadzaonekera miyezi ingapo kutsogolo, tsiku limene anthu oyeza malo akhoma zikhomo m'dimba la munthu.

Pepala limene limawerengedwa pa msonkhano wotere nthawi zambiri ndi chidule cha pulopozo. Pulopozo ndi kalata yaitali yopempha thandizo la ndalama, yolembedwa m'Chingerezi, ndipo koyambirira kwake kumakhala tsamba limodzi lofotokoza ntchito yonse mwachidule. Kuyambira mu 1998, pamene dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, ntchito ya chitukuko imayenera kudutsa m'makomiti: ya m'midzi ya gulupu, imene aliyense amangoitchula kuti VDC, ya dera lonse la mfumu yaikulu, ADC, ndi ya akuluakulu a nthambi za boma ku khonsolo, DEC. Ku khonsolo Chingerezi chimayenda. Ku VDC ndi ku ADC tsamba lija liyenera kumveka m'chiyankhulo cha anthu, choncho wina amapatsidwa ntchito yoti alimasulire, kawirikawiri usiku woti mawa ndi msonkhano.

Ndagwirapo ntchito imeneyi, ndipo poyamba ndinkaigwira monga momwe ambiri amachitira: chiganizo ndi chiganizo, mokhulupirika, osasiya kanthu. Zidanditengera nthawi kuzindikira kuti tsamba lomasuliridwa bwino lomwe likhoza kukhala losathandiza anthu amene akuliwerengeredwa. Chifukwa chake n'chakuti tsamba la Chingerezi lidalembedwera munthu wina. Lidalembedwera opereka ndalama, amene funso lawo ndi lakuti, kodi ndalama zathu tipereke kuno kapena kwina? N'chifukwa chake limayamba ndi kukula kwa vuto, n'kupita ku cholinga chachikulu, n'kutchula chiwerengero chachikulu cha anthu opindula. A gulupu ali ndi mafunso ena. Akufuna kudziwa chimene chidzamangidwe ndi pomwe chidzakhale, chimene anthu awo adzapereke, amene adzalandire ndi amene adzatsale, komanso amene adzaweruze mlandu zinthu zikadzasokonekera, pakuti mlanduwo udzafikira pa bwalo lawo. Mayankho a mafunso amenewa sakhala pa tsamba loyamba. Amabisala mkati, mu bajeti, mu ndondomeko ya miyezi ya ntchito, ndi m'ndime yonena za chimene chidzachitike bungwe likadzachoka. Choncho wolemba ayenera kutseka tsamba loyambalo, awerenge pulopozo yonse, kenaka alembe chidule chatsopano.

Tiyeni tione ndi chitsanzo. Ziwerengero zake ndazipanga kuti zikhale zosavuta kutsatira, koma mawonekedwe ake ndi a mapulopozo ambiri a ulimi wothirira. Bungwe likupempha K60 miliyoni kuti likhazikitse sikimu yothirira ya mahekitala 4, yokhala ndi chitsime, pampu ya sola, thanki ndi mapaipi, ndipo ntchito idzatenga miyezi 24. Chidule chake, chikamasuliridwa monga chilili, chimamveka chonchi: "Pulojekitiyi idzatukula miyoyo ya anthu 1,200 powonjezera chakudya ndi chuma m'mabanja. Malo adzaperekedwa, ndipo anthu a m'dera adzathandizira ndi 10 peresenti ya ntchito. Kupitirira kwa ntchito kudzatsimikizidwa kudzera m'komiti yophunzitsidwa." Palibe bodza m'ziganizo zitatuzi. Palibenso chimene munthu angavomere kapena kukana.

Tiyambe ndi anthu 1,200 aja. Mukatsegula mkati mwa pulopozo mupeza kuti mahekitala 4 adzagawidwa kwa mabanja 40. Olemba adawerengera anthu asanu pa banja, n'kupeza anthu 200. Enawo, 1,000, ndi otsala a m'midzi ya gulupuyo, amene akuti adzapindula pogula ndiwo zamasamba pafupi kapena pogwira ganyu mu sikimu. Kwa opereka ndalama kuwerengera kumeneku n'kozolowereka, amadziwa kuti pali opindula mwachindunji ndi opindulira patali. Koma mayi amene wakhala pa mphasa akamva kuti anthu 1,200 adzapindula, ndipo akudziwa kuti midzi yawo ili ndi anthu pafupifupi omwewo, amamva kuti aliyense alandira. Chidule cha Chichewa chiyenera kunena mosabisa: m'midzi ino muli mabanja 240, adzalandira malo mu sikimu ndi mabanja 40, mabanja 200 sadzalandira. Ndiko kuti pa mabanja asanu ndi limodzi alionse, limodzi lokha. Chiganizo chonena za otsala ndi chimene a bungwe safuna kuchiona pa pepala, chifukwa chimaziziritsa msonkhano. Koma ndi chimene a gulupu akuchifuna kwambiri, popeza mabanja 200 amenewo sadzapita ku ofesi ya bungwe kukadandaula. Adzapita kwa iwo. Ndipo chiganizocho chikangolembedwa chimakoka china: nanga 40 amenewo adzasankhidwa ndi yani, potsata chiyani? Ngati pulopozo ikunena kuti 60 peresenti akhale amayi, lembani kuti pa anthu 40 olembedwa maina, 24 adzakhala amayi.

Muyeso nawonso usinthidwe. Kumudzi munda umayezedwa ndi maekala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, choncho mahekitala 4 ndi maekala pafupifupi 10, ndipo banja lililonse lidzalandira kota ya ekala, kachigawo ka mamita 20 m'lifupi ndi 50 m'litali. Munthu akamva choncho amaona ndi maso kuti ndi mizere ingati, n'kuyamba kuwerengera yekha ngati tomato wa pamenepo angabweze thukuta lake.

Tsopano mawu awiri aja: "Malo adzaperekedwa." Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa mikangano yambiri ya masikimu imabadwira pomwepa. Chingerezi cha mapulopozo chimakonda ziganizo zopanda wochita, ndipo Chichewa chimatha kutengera khalidweli mosavuta: adzaperekedwa, zidzagulidwa, adzasankhidwa, idzakonzedwa. Ine ndikamaliza kulemba ndimabwerera pa tsamba n'kuzunguliza ndi cholembera mawu onse othera ndi "-idwa" kapena "-edwa", n'kufunsa pa lililonse kuti, ndi yani? Pamene yankho lilipo ndimalilemba. Pamene palibe, ndiye kuti ndapeza dzenje mu pulopozo.

Malo a m'mbali mwa dambo, amene madzi ali pafupi, sakhala opanda mwini. Pamakhala madimba a anthu, nthochi za wina, nzimbe za wina. Nanga kupereka kumeneku n'kotani? Chichewa chili ndi mawu osiyana pa zinthu zimene Chingerezi cha pulopozo chaziphatikiza: kupereka kotheratu, kubwereka popanda malipiro, kuchititsa lendi, kusinthanitsa ndi munda wina, kugulitsa. Wolemba sangathawe, ayenera kusankha limodzi, ndipo sangasankhe mwa iye yekha. Ayenera kubwerera kwa eni pulopozo n'kuwafunsa: eni madimba adzakhala m'gulu la mabanja 40 aja? Sikimu ikadzafa, malo adzabwerera kwa iwo? Mitengo ndi mbewu zimene zili pamenepo adzalipira ndani? Lamulo la malo a makolo la 2016, limene lidakonzedwanso mu 2022, limati nkhani za malo otere zizidutsa m'komiti ya malo yotsogozedwa ndi a gulupu, ya anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, ndipo mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Kumene komitiyi ilipo, chidule chiitchule. Ndipo m'madera a chikamwini, kumene munda umatsata mzere wa kuchikazi, mawu akuti "mutu wa banja adzasayina" ndi msampha. Bambo amene wakhala kutsogolo pa msonkhano akhoza kukhala mkamwini, wopanda mphamvu pa dimbalo. Oyenera kufunsidwa ndi mayi mwini munda ndi mwini mbumba wawo. Pepala likangonena za mutu wa banja, siginecha imapezeka, koma chilolezo chenicheni sichinapezeke.

Za 10 peresenti n'zosavuta kukonza, bola munthu atsegule bajeti. Anthu ambiri akamva mawu amenewa amaganiza kuti asonkhetsedwa ndalama, ena amaganiza kuti n'zongonena. M'chitsanzo chathu tanthauzo lake ndi thukuta: kukumba ngalande ya mapaipi ya mamita 800, kututa mchenga ngolo 80 ndi miyala ngolo 40. Gawani ndi mabanja 40. Banja lililonse likumba mamita 20, lituta mchenga ngolo ziwiri ndi miyala ngolo imodzi. Kenaka onjezerani zinthu ziwiri zimene anthu adzafunsa ndithu. Choyamba, ntchitoyi ilibe malipiro. Anthu ambiri adagwirapo ntchito za chitukuko zolandira ndalama, monga zokonza misewu, ndipo mukapanda kunena adzayembekezera zomwezo. Chachiwiri, mwezi wake. Pulopozo imanena za "gawo loyamba la chaka choyamba", ndipo gawo limeneli limayamba tsiku limene ndalama zafika. Zikafika mu Disembala, ndiye kuti mukuitana anthu kukakumba ngalande pamene akubzala ndi kupalira, nkhokwe zili mbee. Mukalemba dzina la mwezi pa pepala, wapampando wa VDC ndiye woyamba kudzutsa dzanja.

Nkhani ya ndalama ena amati isatchulidwe n'komwe, poopa kuti anthu akamva K60 miliyoni maso atuluka. Ine sindigwirizana nazo. Chiwerengerocho chidzamveka basi, ku khonsolo, kwa khansala kapena pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu, ndipo chikamveka chokha popanda kugawidwa, anthu amayang'ana thanki ndi mapaipi n'kunena kuti zina zadyedwa. Chitchuleni pamodzi ndi magawo ake: K36 miliyoni ya chitsime, sola, pampu, thanki ndi mapaipi, K6 miliyoni ya mbewu ndi feteleza wa chaka choyamba, K6 miliyoni ya maphunziro, K12 miliyoni ya malipiro a ogwira ntchito, mafuta a galimoto ndi ofesi. Gawo lomalizali lisabisidwe m'mawu ozungulira. Nenaninso kuti ndalamazi sizidzafika m'manja mwa mfumu kapena komiti, bungwe ndi limene lidzalipire kontilakitala. Chiganizo chimenechi chimateteza amfumu ku miseche. Ngati thandizo lidapemphedwa m'madola, nenani kuti chiwerengero cha makwacha ndi cha tsiku limene mwalemba. Mu Novembala 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya zipangizo zochokera kunja, monga mapampu ndi masola, idakwera pambuyo pake. Ndipo mawu akuti "thandizo" pawokha sakwanira. Lembani kuti ndi ndalama zosabweza, si ngongole. Koma ngati mbewu ndi feteleza zili zoti anthu adzabweze pokolola kuti ena alandireko, monga zimakhalira ndi mbuzi zopatsirana, zimenezo zilembedwe pazokha.

Pali kachinthu kena kakang'ono kamene kamawononga mbiri ya mabungwe ambiri: kachigawo ka mawu ka "-dza-". Pulopozo ndi pempho, koma imalembedwa ngati zonse zatheka kale: tidzamanga, tidzagula, tidzaphunzitsa. M'makutu a anthu, "tidzamanga" wonenedwa pamaso pa mfumu ndi lonjezo. Opereka ndalama akakana, ndipo amakana mapempho ambiri, bungwe limasanduka la bodza, ndipo a gulupu amene adasonkhanitsa anthu amachita manyazi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho chiganizo chonena kuti ndalama sizinapezeke chikhale pamwamba penipeni, osati kumapeto anthu atatopa.

Chiyambi cha chidule chathu, titachilembanso, chikhoza kukhala chotere:

"Kwa inu a gulupu, mafumu athu, ndi a komiti ya chitukuko. Tabwera kudzapempha maganizo anu pa ntchito imene sitinayambe. Ndalama zake sitinalandire. Tikufuna kukazipempha, ndipo sitingapemphe inu musanalole. Akatiyankha, kaya avomera kaya akana, tidzabwera kudzakuuzani pa bwalo lomwe lino. Akavomera, tikufuna kukumba chitsime ndi kuika pampu ya sola yothirira maekala 10 kumunsi kwa dambo. Malowa panopa akulimidwa ndi mabanja 12. Tikupempha kuti eni ake awabwereke ku gulu kwa zaka 10, iwonso akhale m'gulumo. Malo adzakhalabe awo."

Taonani kuti ulemu ulipo, koma sukuphimba nkhani. Malonje aatali ndi a pakamwa, achitike msonkhano usanayambe. Pa pepala chiganizo chilichonse chinyamule chinthu chimodzi, chifukwa pepalali ambiri sadzaliona ndi maso, adzalimva ndi makutu, mwina mphepo ikuwomba, ana akulira. Womvera sangabwerere m'mbuyo kukaonanso mzere umene waphonya. N'chifukwa chake ziwerengero zofunika, monga 40 ndi 200 zija, ndi bwino kuzinena kawiri. Masamba awiri akwana. Ndipo kumene anthu kunyumba amayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chisena kapena Chilomwe, funsani kaye ngati Chichewa ndicho choyenera. Chikhoza kukhala Chingerezi chachiwiri kwa agogo amene ali eni dambo.

Nanga "kupitirira kwa ntchito kudzatsimikizidwa"? Mlendo ndi mame. Tanthauzo lenileni la mawuwa ndi lakuti pakatha miyezi 24 bungwe lichoka, ndipo pampu ikawonongeka, masola akabedwa, mlonda akafuna malipiro, chilolezo chotunga madzi chikafuna kulipiridwa, zonse zili pa mabanja 40 aja. Ngati pulopozo ikuti banja lililonse lizisonkha K5,000 pa mwezi, lembani choncho, n'kuwonkhetsa: K200,000 pa mwezi, K2.4 miliyoni pa chaka. Pambali pake ikani mtengo wa pampu yatsopano monga ulili mu bajeti, kuti anthu aone okha ngati thumba lawo lingaufikire. Nenani amene adzasunge ndalamazo, anthu angati adzasayinire ku banki, ndi chimene chidzachitikire banja lolephera kusonkha. Likalandidwa malo, wolanda ndi komiti kapena amfumu? Mawu akuti "maphunziro" nawonso amafuna kumasulidwa: anthu angati, masiku angati, kuti, ndipo alawansi ilipo kapena ayi. Zikaoneka zazing'ono, koma makomiti ambiri amagawanika pa nkhani ya amene adapita ku maphunziro.

Tsamba likalembedwa liyesedwe lisanapite ku bwalo. Njira yozolowereka ndi yopatsa munthu wina kuti alibwezere m'Chingerezi, n'kufananiza ndi pulopozo. Imeneyo imagwira ziwerengero zolakwika ndi malonjezo amene wolemba wawonjezera mosadziwa, ndipo ndi yofunika: chilichonse cha pa tsamba la Chichewa chizipezeka mu pulopozo kapena mu bajeti. Koma siikuuzani ngati anthu amva. Pa zimenezo pezani anthu awiri kapena atatu amene sakudziwa za ntchitoyi, wina wachikulire, wina wosadziwa kuwerenga, muwawerengere kamodzi kokha mokweza. Musawafunse kuti "mwamva?" chifukwa adzati eya. Auzeni kuti, "Tayerekezani mwafika kunyumba, akufunsani kuti ku msonkhano kunali zotani. Muwauza chiyani?" Akanena kuti abwera a bungwe kudzatipatsa sikimu, tsamba lalephera. Akanena kuti akufuna dambo la kumunsi kwa zaka khumi, alowamo mabanja 40, koma ndalama sanazipeze, tsamba lagwira. Ndimo mudziwirenso pa msonkhano weniweniwo: chidule chabwino chimadzutsa mafunso ovuta, nthawi zina ndi mkangano womwe. Kuwomba m'manja kopanda funso ndi chizindikiro choti mubwerere mukalembenso.

Chovuta chomaliza si cha mawu okha. Mfumu siifuna kudziwika kuti idakana chitukuko, makamaka pamaso pa alendo obwera pa galimoto. Mukaika funso limodzi lokha, lakuti "mwavomera?", yankho mukulidziwa kale. Choncho kumapeto kwa chidule gawani chilolezo m'mafunso angapo, lililonse ndi malo ake oyankhira: za malo, za kasankhidwe ka mabanja, za ntchito ya manja ndi mwezi wake, za msonkhamsonkha. Pa lililonse pakhale njira zitatu: tavomera, takana, tavomera pokhapokha mutasintha izi. Lembani poyera kuti kukana mbali imodzi sikutsekera mudzi mwayi wa ntchito zina. Ndipo musatenge chidindo tsiku lomwelo. Siyani mapepala kwa mlembi wa VDC, apatseni sabata imodzi kapena ziwiri kuti akambirane paokha, eni madimba afunse abale awo, amayi ayankhule kumene amamasuka.

Akabweza mayankho, ntchito imabwerera ku Chingerezi. Tinene kuti m'chitsanzo chathu ayankha kuti zaka 10 zachuluka, akufuna 5 zoti n'kudzakambirananso. Kukumba kukhale mu Juni ndi Julayi anthu atakolola. Ndipo mabanja 12 a eni malo alowe popanda kuchita nawo chisankho. Zinthu zitatuzi zilowe mu pulopozo isanatumizidwe: ndime ya malo isinthe, ndondomeko ya miyezi isunthe, ndipo malo osankhira atsale 28, osati 40. Mukatero mubwererenso pa chiwerengero cha amayi, muone kuti mwa eni malo 12 aja amayi ndi angati, kuti mudziwe otsala kuti akwane 24. Chidule cha Chichewa chilembedwenso ndi zosinthazo, chiikidwe tsiku, ndipo chidindo ndi masiginecha zikhale pa tsamba limene lidawerengedwa pa bwalo, osati pa kalata ina ya Chingerezi yolembedwa ku ofesi. Pepala limodzi lipite ndi pulopozo, lina ku ADC, lina ku khonsolo, lina litsale m'buku la mlembi wa VDC, kuti tsiku limene kontilakitala adzafike ndi zikhomo zake, aliyense wofuna athe kulitulutsa n'kuwerenga kuti malire adagwirizana kuti athere pati.